Mandazi m'mawa, kalasi masana: tulo tilowe pati?

Wophunzira wa pakoleji wogulitsa mandazi amalimbana ndi mawotchi awiri. Ogula amafuna mandazi otentha 6 koloko m'mawa, pomwe aphunzitsi amamufuna m'kalasi 8 koloko. Akakanda ufa m'mawa womwewo, ayenera kudzuka 3 koloko, chifukwa ufa wa yisiti umafuna ola limodzi kapena kupitirira kuti ufufume. Ngati anagona 11 koloko atawerenga, ndiye kuti wagona maola 4 okha, chikhalirecho munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo.

Njira yake ndi kusuntha ntchito, osati kudula tulo. Akande madzulo, achepetse yisiti, avundikire beseni pamalo ozizira kuti ufa ufufume pang'onopang'ono. Nyengo yotentha ya Okutobala ufa ukhoza kusasa, choncho ayambe wayesa ndi wochepa. Akatero adzuka 4:30 n'kungokazinga. Mandaziwo asayende nawo yekha: awasiye paokala, mwini okala azitengapo kangachepe pa lililonse logulidwa. Phindu lichepa, koma maola a kalasi apulumuka.

Kutopa kumadziwika msanga: kuwodzera m'kalasi, kulakwitsa chenje, kupsereza mandazi, kubwereza tsamba limodzi osamva kanthu. Zikaoneka masiku otsatizana, achepetse ufa wokanda, asawonjezere tiyi. Akhalenso ndi tsiku limodzi pamlungu losayatsa mbaula. Mayeso akayandikira, auziretu mwini okala kuti apuma milungu iwiri, ndipo mpamba ausunge padera kuti usadyedwe.