Kodi 4/3 wa mu fomula ya mpira amachokera kuti?

Amene anadutsa ku sekondale akukumbukira fomula yopezera voliyumu ya chinthu chobulungira ngati mpira: 4/3 πr³. Ophunzira ambiri amangoiloweza, osafunsa kumene 4/3 wachokera. Archimedes wa ku Syracuse, amene anamwalira m'chaka cha 212 Yesu asanabadwe, anaitulukira kakyulasi kusanabwere. Masiku ano timaipeza m'mizere yochepa, ndipo njira yake ndi yomwe imamasula saini kapena kosaini aliyense wokhala ndi pawa yosagawika ndi 2, monga 3, 5 kapena 7.

Tiyerekeze kuti mpirawo tauduladula mapisi opyapyala monga timadulira tomato. Malo a chipisi chilichonse tiziwadziwa ndi ngodya x, yoyambira 0 pamwamba pa mpira mpaka π pansi pake, omwe ndi madigiri 180. Rediyasi ya chipisi ndi r sin x, choncho nkhope yake ndi πr² sin²x, pamene kuchindikala kwake ndi r sin x dx. Tikachulukitsa ziwirizi tipeza πr³ sin³x dx. Kuphatikiza mapisi onse osawerengekawa ndiko kumatchedwa intigireshoni. Ndiye kuti ntchito yonse yatsamira pa funso limodzi ili:

```
∫ sin³x dx
```

Wophunzira wopupuluma amalemba sin⁴x/4, poganizira kuti u³ amapereka u⁴/4. Yankholi n'lolakwa, ndipo limadziulula lokha: pa 0 ndi pa π saini ndi ziro, kutanthauza kuti mpira ulibe voliyumu. Lamulo la u⁴/4 limagwira ntchito pokhapokha pambali pa u³ pali du, ndipo u akakhala sin x, du wake ndi cos x dx. Kosainiyo pano palibe.

Njira yoyenera imayamba ndi kupatula saini mmodzi. Atatu aja tikachotsapo mmodzi, atsala awiri, sin²x. Apa m'pamene Pythagoras amatithandiza. Mu thirayango ya ngodya ya madigiri 90 imene mbali yake yaitali ndi 1, mbali zina ziwirizo ndi sin x ndi cos x, motero sin²x + cos²x = 1. Choncho m'malo mwa sin²x tingathe kulemba 1 − cos²x.

```
∫ sin³x dx = ∫ (1 − cos²x) sin x dx
```

Saini tinapatula uja sitinamutaye, ndiye amene tikumufuna tsopano. Titchule cos x kuti u. Pamenepo du = −sin x dx, ndipo saini wotsalayo pamodzi ndi dx alowa onse mwa −du. Za ngodya zatha, kwatsala samu wamba.

```
−∫ (1 − u²) du = −u + u³/3 + C
               = −cos x + cos³x/3 + C
```

Tiikemo malire athu. Pa π, kosaini ndi −1, ndipo tipeza 1 − 1/3, yemwe ndi 2/3. Pa 0, kosaini ndi 1, ndipo tipeza −2/3. Kuchotsa −2/3 pa 2/3 kukutipatsa 4/3. Tikabwezeretsa πr³ tinamusiya pambali uja, fomula ya ku sekondale ija yatuluka yonse.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa kamzere ka mainasi ka du = −sin x dx. Akakaiwala, yankho limakhala −4/3. Ine ndimaona kuti wophunzira ayenera kuzolowera kuliyang'ana yankho asanalitseke mzere: pakati pa 0 ndi π saini satsika pansi pa ziro, ndiye kuphatikiza kwake sikungatuluke ndi mainasi. Palinso muyeso wina. Intigireshoni ya sin x yekha pa malire omwewa imapereka 2, ndipo nambala ya pakati pa 0 ndi 1 ikadzichulukitsa katatu imachepa, choncho yankho liyenera kuchepera 2. Ndi mmene 4/3 alili.

Chifukwa chofunira pawa yosagawika ndi 2 chikuoneka tsopano. Ukachotsa mmodzi pa 3, 5 kapena 7, otsalawo amakhala awiriawiri, ndipo awiri alionse amasanduka 1 − cos²x popanda wotsalira. Mwachitsanzo sin⁵x amakhala (1 − cos²x)² sin x. Ngati wa pawa yotereyo ndi kosaini, timangotembenuza: pa sin²x cos³x tipatula cos x, u akhale sin x, tipeze u³/3 − u⁵/5, ndipo mainasi wa du uja pano sapezeka. Lamulo lake n'lakuti amene wapatulidwa sakhala u, u amakhala mnzakeyo.

Pawa zonse zikakhala zogawika ndi 2, njirayi imakanika. Pa sin⁴x ukapatula mmodzi atsala atatu, awiri asanduka bwinobwino, koma wachitatuyo akakamira ngati √(1 − u²), ndipo samu ilimba kuposa poyamba. Zikatero timasiya kupatula n'kutsitsa pawa ndi fomula ina, sin²x = (1 − cos 2x)/2.