Tsitsi louluka podula munthu pa chithunzi

Mukamadula munthu pa chithunzi kuti mumuike pa khadi la ukwati, mapewa ndi zovala sizivuta. Ntchito imakula mukafika kumutu, pamene titsitsi tating'ono tatuluka pambali n'kumauluka ndi mphepo. Ambiri amangotimeta tonse, ndiye munthu amaoneka ngati wavala chipewa cholimba.

Chifukwa chake n'chakuti chithunzi chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndipo katsitsi kamodzi nthawi zambiri kamakhala kowonda kuposa kadontho kamodzi. Choncho kadonthoko kamatenga mtundu wa tsitsi pang'ono, ndi mtundu wa zimene zili kumbuyo pang'ono. Palibe mzere weniweni woti mudulepo.

Titenge chithunzi cha mkwatibwi ataima patsogolo pa mtengo wa mango. Tsitsi ndi lakuda, masamba a mumthunzi ndi obiriwira moderapo, ndipo pakati pa masambawo pakuoneka thambo lowala. Ife tikufuna kumuika pa khadi loyera. Pachithunzi chotere njira yakale yodalira Channels siithandiza kwenikweni, chifukwa imafuna kuti tsitsi lisiyane kwambiri ndi kumbuyo, pomwe apa tsitsi ndi masamba zikufanana kuda kwake.

Mu Photoshop yambani ndi Select > Subject, kenaka mutsegule Select and Mask. Pa View sankhani On White kuti muziona munthuyo pa mtundu umene akupitako. Radius ikani pa 2 kapena 3, ndipo muchonge Smart Radius. Tsopano tengani Refine Edge Brush, muichepetse, n'kumaiyendetsa m'mphepete mwa tsitsi mokha. Musalowe nayo m'kati mwa mutu. Burashi imeneyi imafunafuna choti ichotse paliponse yadutsa, ndipo ikalowa m'kati imabowola tsitsi lomwe linali labwinobwino. Batani la Refine Hair, lomwe linabwera mu 2020, mutha kuliyesa, koma pamasamba limasokonezekanso.

Kuti mudziwe ngati zayenda, dinani K. Chithunzi chisanduka choyera ndi chakuda: choyera ndi chimene chikutsala, chakuda ndi chimene chabisika. Tsitsi labwino limaoneka ngati timizere toyera towonda. Mukaona zigamba zotuwa ngati utsi kuzungulira mutu, amenewo ndi masamba amene akutsatira mkwatibwi ku khadi. Tulukani posankha New Layer with Layer Mask, kuti chilichonse chibisike chabe, chisafufutike. Kenaka pa masiki yomweyo gwiritsani burashi yakuda yomwe Mode yake ili pa Overlay, Opacity pafupifupi 30. Imadetsa zotuwazo koma zoyera kwenikweni siizikhudza.

Chotsatira ndi mtundu. Ngakhale mudule bwino chotani, titsitsi totsalato timakhala tobiriwira, chifukwa cha kusakanikirana kuja. Decontaminate Colors amayesa kukonza zimenezi, koma nthawi zambiri amapaka m'mphepete mpaka tsitsi kuoneka lonyowa. Ine ndimakonda kukonza pamanja. Pangani leya yatsopano pamwamba pa munthuyo, muimangirire kwa iye ndi Ctrl+Alt+G, ndipo muiike pa Color. Gwirani Alt, mudine patsitsi lenileni kuti mutenge mtundu wake, n'kupaka m'mphepete monse. Kubiriwira kumachoka, mizere ya tsitsi n'kutsala.

Pali malo ena amene tsitsi lamira m'masamba moti ngakhale maso anu sakulilekanitsa. Pamenepo musataye ola lonse. Bisani zonse za pamalopo, mujambule tsitsi latsopano. Ena amaona ngati n'kunama, koma kwa ine mutu wometedwa mbali imodzi ndi umene umanamiza kwambiri maonekedwe a munthu. Pa leya ina, tengani burashi ya pikiselo imodzi kapena awiri, yamtundu wochokera kutsitsi lomwelo. Yambirani m'kati mwa tsitsi n'kukoka mwachangu kupita kunja, motsata kumene lina likulowera. Ngati tsitsi lake ndi lachilengedwe lopotana, jambulani timizere tifupitifupi topindika. Mizere yaitali yowongoka imayenera wivi kapena tsitsi lowongoledwa. Muzisinthasintha mtundu, wina woderapo, wina wowalirapo, ndipo musachulutse. Pomaliza ikani Gaussian Blur ya 0.3 mpaka 0.5, chifukwa tsitsi lojambula limathwa kuposa la kamera ndipo diso limazindikira msanga.

Zonsezi zimatheka ngati chithunzicho chili ndi tsitsi loti n'kulipulumutsa. Chotumizidwa mwamba pa WhatsApp chimachepetsedwa, ndipo titsitsi towonda timasungunuka n'kukhala timabokosi. Pemphani mwini wake achitumize ngati Document, kapena mukachitenge kwa wojambula yemwe ali ndi chochokera mu kamera.