Munthu wa m'mphepete: kudula chithunzi osachiwononga

Pa 5 Malichi 1960, mumzinda wa Havana ku Cuba, munachitika mwambo wa maliro a anthu amene anafa dzulo lake sitima yapamadzi yotchedwa La Coubre itaphulika padoko. Wojambula zithunzi Alberto Korda anali pakati pa khamu, kamera ili m'manja. Che Guevara atatulukira kutsogolo kwa nsanja kwa kanthawi kochepa, Korda anamujambula kawiri, kenako mkuluyo anabwerera m'mbuyo. Chimodzi mwa zithunzi ziwirizo ndi chija chimene lero chimaoneka pa malaya, pa zipewa ndi pa makoma m'mayiko ambiri: nkhope ya ndevu, maso akuyang'ana patali, kanyenyezi pachipewa.

Ambiri sadziwa kuti Che sanali yekha pachithunzipo. Kumanzere kunkaoneka nkhope ya bambo wina cham'mbali, ndipo kumanja kunali masamba a kanjedza. Korda anadula mbali zonse ziwiri, chithunzi chimene chinali chogona n'kukhala choimirira. Bambo uja akanasiyidwa, maso a woona akanamathawira kwa iye n'kumafunsa kuti ameneyu ndani, akuyang'ana chiyani. Atachotsedwa, panatsala nkhope imodzi yokha yoti munthu aiyang'ane.

Vuto limene Korda anathana nalo ndi lomwe limagwera aliyense wojambula ndi foni pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa tsiku lolandira digiri. Maso a wojambula amakhala pa anthu ake, ndipo za m'mphepete amadzaziona atafika kunyumba. Mankhwala ake ndi osavuta: kutsegula chithunzi, kudina Edit, kusankha Crop, n'kukokera mzere wa m'mbali mkati mpaka mlendoyo atatuluka. Ntchito ya masekondi khumi. Koma mzere umenewu sudziwa kukhota. Umadula kuchokera pamwamba mpaka pansi ngati sizasi ya telala pansalu, ndipo chilichonse chimene chili kuseri kwake chimapita limodzi ndi mlendoyo.

Tiyerekeze chithunzi cha mtsikana wavala gauni ya digiri, mayi ake aima pambali pake, ndipo kumanja kwenikweni kwalowa bambo wosadziwika, foni ili kukhutu. Chithunzi cha pa foni chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono totchedwa mapikiseli, ndipo mafoni ambiri amatulutsa chithunzi cha mapikiseli pafupifupi 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Ngati bamboyo watenga mapikiseli 600 kuchokera kumphepete, kumudula kusiya 3400 ndi 3000. Pa sikirini ya foni palibe angaone kusiyana. Nkhani imayamba chithunzi chikamapita kokatsukitsa.

Pepala la chithunzi wamba la ku situdiyo ndi la masentimita 15 ndi 10, kutanthauza kuti mbali yaitali imaposa yaifupi ndi theka. Chithunzi cha 3400 ndi 3000 chatsala pang'ono kufanana mbali zonse, choncho sichingadzaze pepala limeneli. Zikatero pamachitika chimodzi mwa ziwiri: pepala limatsala ndi malo oyera m'mbali, kapena makina amakuza chithunzi mpaka chidzaze pepala, n'kudula okha pamwamba ndi pansi. Apa ndi pamene chipewa cha digiri chimadulidwa pakati, mwiniwake n'kumadandaula ndi wa situdiyo, pomwe vuto linayambira pa foni. Kuti mulitali wa 3400 ugwirizane ndi pepala, m'lifupi muyenera kutsala pafupifupi 2270, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a msinkhu wa chithunzi liyenera kuchoka. Ndi bwino mwini chithunzi asankhe yekha kumene gawolo lichoke. Pamalo odulira pamakhala manambala monga 3:2, 4:3 ndi 1:1. Akasankha 3:2 asanayambe kukoka, mbali zonse zimayendera limodzi, ndipo amaona ndi maso ake ngati chimene chikutayika ndi thambo ndi udzu, kapena ndi mitu ndi nsapato.

Ngati pamwamba pa mitu panalibe malo okwanira, njira ya Korda ndiyo imathandiza: kusandutsa chithunzi chogona kukhala choimirira. Msinkhu wonse wa 3000 umatsala, ndipo m'mbali mumasiyidwa 2000 mozungulira mayi ndi mwana wawo. Theka la chithunzi latayika, inde, koma anthu awiri oima moyandikana amakwana bwino m'malo otere, ndipo bambo wa foni uja amatsala kutali.

Kodi theka lotsalalo ndi lokwanira? Kuti chithunzi cha papepala chioneke chosalala pochiyang'ana pafupi, pamafunika mapikiseli pafupifupi 120 pa sentimita iliyonse. Pepala la 10 ndi 15 likufuna 1200 ndi 1800, choncho 2000 ndi 3000 ndi zambiri ndithu, moti chithunzicho chingakuzidwe mpaka masentimita 25 n'kuikidwa m'fulemu pabalaza. Izi zimatheka ngati wadula chithunzi chenicheni chochokera mu kamera. Koma zithunzi zambiri za pa mwambo zimafika kwa eni ake kudzera pa WhatsApp, imene potumiza mwachizolowezi imachepetsa chithunzi mpaka mbali yaitali itsale pafupifupi 1600. Kudula chithunzi chotere mofanana ndi muja kusiya 800 ndi 1200, zomwe sizikwana ngakhale pepala laling'ono lija. Zizindikiro zake sizibisika: munthu akakuza nkhope ndi zala ziwiri, nsidze zimasungunuka, mano amasanduka mzere umodzi woyera, ndipo zilembo za pa satifiketi siziwerengeka. Chofunika ndi kupempha amene anajambula kuti atumize chithunzicho ngati Document, chifukwa chikatero chimafika chathunthu.

Palinso zotsalira za mlendoyo, zimene anthu ambiri amaziphonya chifukwa amangoyang'ana nkhope. Nkhope ikatuluka amaona ngati ntchito yatha, pomwe m'munsi mwatsala chigongono, nsonga ya nsapato, lamba wa chikwama kapena mthunzi wake utagona pansi. Kachidutswa kotere kamakopa maso kuposa munthu wathunthu, chifukwa woona amayamba kufunafuna mwini wake. Njira yodziwira ndi kukuza chithunzi n'kuyenda ndi diso m'mphepete monse mwa mzere watsopanowo, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Nthawi zina mlendoyo amakhala atayandikira kwambiri moti phewa lake labisika kumbuyo kwa mkono wa mayi aja. Pamenepo mzere wowongoka sungamuchotse osakhudza mayiwo. Ojambula odziwa ntchito amapewa kudula munthu pa mfundo za thupi, monga pa chigongono, pa bondo, pa khosi kapena pamene dzanja limalumikizana ndi mkono, chifukwa amaoneka ngati chiwalocho alibe. Kudula pakati pa phewa ndi chigongono kumaoneka kwachibadwa, makamaka chithunzi chonse chikayandikitsidwa kuti chikhale cha kuyambira m'chifuwa kupita m'mwamba. Ayeneranso kuona kumene anthuwo akuyang'ana. Ngati mtsikanayo watembenukira kumanja ndipo mzere wadutsa pafupi ndi mphuno yake, chithunzi chimaoneka chopanikizika, ndipo mwina ndi bwino kungomusiya mlendoyo. Si chithunzi chilichonse chimene kudula kumachikonza, ndipo munthu wodutsa chapatali pa tsiku la chikondwerero nthawi zambiri sawononga kanthu.

Ena amadula mlendo osati chifukwa cha kukongola, koma pofuna kumuteteza: mwana wa eni ake amene walowa m'chithunzi cha kusukulu, kapena wodwala wa pa bedi loyandikana m'chipatala. Maganizo amenewa ndi abwino, koma apa pakufunika kusamala kwambiri, chifukwa chodulidwa sichikhala kuti chafufutika nthawi zonse. Pa iPhone, chithunzi choyambirira chimasungidwa, ndipo aliyense wogwira foniyo akadina Revert mlendo uja amabwerera. Mu Microsoft Word ndi PowerPoint, chithunzi chodulidwa chimangobisa mbali zake, moti wolandira lipotilo akhoza kukokera mzere kunja n'kuona zonse, pokhapokha wolembayo atapita pa Compress Pictures n'kusankha Delete cropped areas of pictures. Mu Malichi 2023 zinadziwikanso kuti chida chodulira chotchedwa Markup pa mafoni a Google Pixel chinali ndi vuto lomwe linkasiya mbali zodulidwa m'kati mwa fayilo, moti odziwa akanatha kubweza zambiri mwa izo. Vutolo linakonzedwa, koma zithunzi zimene zinali zitatumizidwa kale zinatsala momwemo. Amene akudula pofuna kuteteza wina adule kaye chithunzicho, asunge chatsopano pachokha, ndipo chimenecho ndicho alowetse mu lipoti kapena atumize.

Funso lovuta kwambiri si la mapikiseli. Ndi lakuti: kodi munthu wa m'mphepeteyo ndi mlendodi? Mu Januwale 2020, pa msonkhano wa ku Davos m'dziko la Switzerland, atsikana asanu olimbikitsa nkhani za kusintha kwa nyengo anajambulidwa ataima pamodzi. Anali Greta Thunberg, Luisa Neubauer, Isabelle Axelsson, Loukina Tille ndi Vanessa Nakate wa ku Uganda, amene anaima kumapeto kumanzere. Bungwe la nkhani la Associated Press linatulutsa chithunzicho Nakate atadulidwa, n'kutsala azungu anayi. Poyamba anafotokoza kuti wojambulayo anadula pofuna kuti chithunzi chioneke bwino, chifukwa nyumba imene inali kumbuyo kwa Nakate inkasokoneza maso. Nakate anadandaula poyera, anthu ambiri anakwiya, ndipo bungwelo linapepesa.

Pa luso lokha, kudula kumeneko kunali koyera: panalibe chigongono chotsala, panalibe mutu woduka. Cholakwika chinali chakuti Nakate sanali wodutsa. Anali mmodzi wa anthu amene nkhaniyo inkanena, ndipo anali yekha wochokera ku Africa. Atachotsedwa, chithunzi chinayamba kunena zabodza za amene analipo, ngakhale kuti palibe kadontho kamodzi kamene kanapentedwa kapena kuwonjezeredwa. N'chifukwa chake m'manyuzipepala kudula kumaloledwa, koma mkonzi amayenera kuona chithunzi chathunthu asanavomereze chodulidwacho.

Zoterezi zimachitikanso m'mabanja ndi m'mipingo, kungoti sizifika m'nyuzipepala. Mdzukulu amene akukonza chithunzi chakale cha ukwati wa agogo ake akhoza kuona mayi wosadziwika kumapeto kwa mzere n'kumuchotsa, pomwe mayiyo anali nkhoswe kapena mlongo wa mkwati amene anamwalira kalekale, ndipo mwina nkhope yake ilibenso pena paliponse. Wokonza kalendala ya mpingo akhoza kudula mkulu amene anaima pambali chifukwa chakuti sanavale yunifolomu. Asanadule chithunzi cha gulu, munthu achionetse kaye kwa wina amene analipo tsikulo kapena wamkulu wa pabanjapo, afunse dzina la aliyense kuyambira kumanzere mpaka kumanja, ndipo chithunzi chathunthu achisunge padera, chodulidwacho achipatse dzina lina.