Ndalama Zokwanira Kuti Musadalirenso Malipiro

Yambani ndi ndalama zimene mumagwiritsa ntchito pa chaka, osati zimene mumalandira. Muwerengere ndi zija zobwera mwakamodzikamodzi, monga fizi, feteleza ndi maliro, chifukwa ndizo zimaiwalika.

Tinene kuti banja limawononga K500,000 pa mwezi, kutanthauza K6 miliyoni pa chaka. Mu 1994, William Bengen wa ku Amereka anapeza kuti munthu akatapa 4 peresenti ya chuma chake chaka choyamba, kenaka n’kumawonjezera molingana ndi kukwera kwa mitengo, chumacho chimatha kumusunga zaka 30. Gawani K6 miliyoni ndi 0.04, mupeza K150 miliyoni. N’chimodzimodzi kuchulukitsa ndi 25.

Koma 4 ameneyu musamukhulupirire kwambiri. Anachokera pa masheya ndi ngongole za boma la Amereka, pomwe kwathu kuno kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu 2023. Chofunika ndi phindu lotsala mukachotsa kukwera kwa mitengo. Wofuna kusiya ntchito akadali wamng’ono atape 3 peresenti, ndipo banja lija lidzafunika K200 miliyoni.