R² Yafika pa 0.98: Kodi Ndiye Kuti Zolosera Zake N'zodalirika?

Mwana akaika manambala mu Excel n'kujambula mzere wowongoka pakati pa madontho a pagirafu, pambali pake pamatha kutuluka kanambala kolembedwa kuti R². Ambiri amangodziwa kuti kakayandikira 1 ndiye kuti zinthu zili bwino. Ena amafika ponena kuti R² ya 0.87 ikutanthauza kuti mzerewo umalosera molondola maulendo 87 pa 100 aliwonse. Zimenezi si zoona. R² imayankha funso limodzi lokha: kodi mzerewu wachepetsa bwanji kuphonya, poyerekeza ndi munthu amene amangotchula avereji nthawi zonse?

Tiyerekeze kuti tayeza ana asanu a zaka 6, 7, 8, 9 ndi 10, ndipo kutalika kwawo m'masentimita ndi 118, 118, 132, 130 ndi 142. Avereji yake ndi 128. Munthu wosadziwa zaka za anawa akafunsidwa kutalika kwa aliyense, chanzeru chimene angachite ndi kungoyankha kuti 128. Akatero aphonya ndi masentimita 10, 10, 4, 2 ndi 14. Akatswiri a masamu amachulukitsa nambala iliyonse ndi iyo yomwe, kuti kuphonyera m'mwamba kusafafanize kuphonyera m'munsi, kenako amawonkhetsa zonse. Apa tipeza 100, 100, 16, 4 ndi 196, ndipo zonse pamodzi ndi 416.

Tsopano tigwiritse ntchito zaka. Mzere wowongoka umene ukugwirizana kwambiri ndi manambalawa ndi uwu:

```
kutalika = 80 + 6 × zaka
```

Mzerewu ukulosera 116, 122, 128, 134 ndi 140. Tikayerekeza ndi kutalika kwenikweni, waphonya ndi masentimita 2, 4, 4, 4 ndi 2. Tikachulukitsa iliyonse ndi iyo yomwe n'kuwonkhetsa, tipeza 56. Choncho kuphonya kwatsika kuchoka pa 416 kufika pa 56, ndipo R² imapezeka chonchi:

```
R² = 1 − 56/416 = 0.87
```

Tanthauzo lake ndi lakuti kudziwa zaka kwachotsa pafupifupi 87 peresenti ya kuphonya kumene tinali nako pongotchula avereji. Koma taonaninso manambala aja. Palibe mwana ngakhale mmodzi amene mzerewu wamulosera ndendende. Amene akufuna kudzionera yekha alembe zaka mu A2 mpaka A6, kutalika mu B2 mpaka B6, kenako alembe izi:

```
=RSQ(B2:B6,A2:A6)
```

Chinthu choyamba chimene R² sikuuzani ndi kukula kwa kuphonya m'masentimita. Tiyerekezenso ana ena asanu, koma otalikirana zaka: 2, 5, 8, 11 ndi 14. Kutalika kwawo kukhale 94, 106, 132, 142 ndi 166. Mzere wake ndi womwe uja, ndipo ukulosera 92, 110, 128, 146 ndi 164. Waphonyanso ndi 2, 4, 4, 4 ndi 2, choncho 56 uja sanasinthe. Chimene chasintha ndi nambala ya m'munsi. Popeza anawa akusiyana kwambiri kutalika, munthu wongotchula avereji ya 128 aphonya ndi 34, 22, 4, 14 ndi 38, zomwe zikupereka 3,296. Tsopano R² yakwera kufika pa 0.98.

Kodi mzerewu wayamba kulosera bwino kuposa poyamba? Ayi. Ngati mukufuna kugulira mwana wa mchemwali wanu yunifolomu pongodziwa zaka zake, muphonyabe ndi masentimita omwe aja. R² yakwera chifukwa mnzake wopikisana naye, yemwe ndi avereji, wachita moipa kwambiri. Kusiyanitsa mwana wa zaka 2 ndi wa zaka 14 si nkhani yovuta. N'chifukwa chake si bwino kuyerekeza R² ya gulu lina ndi ya gulu lina n'kunena kuti yaikuluyo ndiye yolosera bwino.

Nambala yothandiza pamenepa ndi ina. Gawani 56 ndi ana asanu, mupeza 11.2. Kenako funani nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupatsani 11.2, yomwe ndi pafupifupi 3.3. Ndiye kuti m'magulu onse awiri mzerewu umaphonya ndi masentimita pafupifupi atatu. Nambala imeneyi, imene m'mabuku amailemba kuti RMSE, ili m'masentimita, choncho mutha kudzifunsa nokha ngati kuphonya koteroko kuli kovomerezeka pa ntchito yanu.

Chachiwiri, R² sinena kanthu za malo amene simunayezeko. Ikani zaka 25 mu mzere uja, mupeza masentimita 230. Ikani zaka 0, mupeza masentimita 80, pomwe khanda lobadwa kumene limakhala pafupifupi masentimita 50. Munthu sakula mofanana moyo wake wonse. Amakula msangamsanga ali khanda, ndipo amasiya kutalika akakhwima. Mzere wowongoka ukugwira ntchito pa zaka zimene tinayeza zokha, ndipo 0.98 uja sakuchenjezani mukadutsa malire amenewo.

Chachitatu, R² sikuuzani ngati mzere wowongoka ndiwo woyenera. Mu 1973, katswiri wa ziwerengero wochokera ku England, Francis Anscombe, anakonza magulu anayi a manambala, lililonse lokhala ndi madontho 11. Magulu onsewo amapereka mzere wofanana komanso R² ya pafupifupi 0.67. Koma mukawajambula pagirafu, safanana mpang'ono pomwe. Gulu loyamba ndi madontho omwazika bwinobwino m'mbali mwa mzere. Lachiwiri ndi lopindika ngati uta, moti mzere wowongoka sukuyenera pamenepo. Pa lachitatu madontho khumi afola mowongoka, koma dontho limodzi lotayika lakokera mzerewo kumbali. Pa lachinayi madontho khumi aunjikana pamzere umodzi woimirira, ndipo dontho limodzi lakutali ndilo lokha likuchititsa kuti mzere upendekeke. Wongoyang'ana 0.67 sangadziwe kuti ali ndi gulu liti.

Njira yodziwira ndi kuyang'ana mmene mzere ukuphonyera. Ngati ukuphonyera m'mwamba ndi m'munsi mosakanikirana, monga pa ana athu aja, palibe chodetsa nkhawa. Koma ngati madontho a kumapeto konse kuwiri ali pansi pa mzere pamene a pakati ali pamwamba, dziwani kuti chinthucho n'chopindika, ngakhale R² itakhala yaikulu.

Pali chinanso chofunika kukumbukira. Mzere uja tinaupanga kuchokera kwa ana omwewo amene tikuuyesera, ngati mphunzitsi wopereka mayeso a mafunso amene wauza kale ana mayankho ake. Mayeso enieni ndi kutenga ana ena amene sanawerengedwe popanga mzerewo, n'kuona mmene uphonyere. Kawirikawiri R² imatsika, ndipo nthawi zina imafika pansi pa 0, kusonyeza kuti avereji ya ana atsopanowo ikanachita bwino kuposa mzerewo.

Choncho mwana akabwera ndi R² ya 0.98, mufunseni kuti akuonetseni girafu, akuuzeni kuti mzerewo umaphonya ndi masentimita angati, ndiponso kuti anayeza kuyambira zaka zingati mpaka zingati. Akayankha zitatu zimenezi, ndiye kuti nambalayo waimvetsa.