Msonkhano umodzi, zidule zitatu

Masiku ano mlembi wa komiti amangoika foni patebulo n'kujambula mawu a msonkhano wonse. Akakhala pansi n'kulemba zonse monga zinayankhulidwira, msonkhano wa ola limodzi umadzaza masamba 15 kapena kuposa, muli malonje, nthabwala, ndi mfundo imodzi yobwerezedwa kanayi. Zolemba zotere n'zosunga, monga Nyumba ya Malamulo imasungira zoyankhula za aphungu mu Hansard, kuti tsiku la mkangano pakhale pokayang'ana. Koma n'zochepa anthu amene angaziwerenge zonse. Chimene ambiri amafuna ndi chidule, ndipo apa m'pamene alembi ambiri amaphonya: amalemba chidule chimodzi n'kutumizira aliyense.

Tiyerekeze kuti mphepo yasasula denga la kalasi pasukulu ina yapulayimale, ndipo komiti yakumana kwa maola awiri. Amisiri awiri abweretsa mitengo yawo. Woyamba akufuna K1,800,000 ndipo agwiritsa ntchito matabwa akale. Wachiwiri akufuna K2,400,000 ndipo aika matabwa atsopano. Munthu amene anakwera padenga wanena kuti matabwa akalewo adyedwa ndi chiswe. Msungichuma wakana mtengo wokwerawo, akuti m'thumba muli K1,800,000 yokha. Pomaliza agwirizana kuti ntchito ipite kwa mmisiri wachiwiri ngati makolo asonkha K600,000 yotsalayo pofika pa 30 mwezi uno, ndipo ikapanda kukwana komiti ikumananso.

Asanalembe kanthu, mlembi adzifunse mafunso awiri pa munthu aliyense woti alandire chidule: kodi analipo pamsonkhanopo, nanga akawerenga akuyenera kuchita chiyani? Kutalika kwa chidule kumachokera pa mayankho amenewa. Kuti zolembazo ndi masamba 30 kapena 10 zilibe kanthu kwenikweni, ndipo lamulo lija ena amaphunzitsa, lakuti chidule chikhale gawo limodzi mwa magawo khumi a zolemba, silithandiza pa ntchito ngati iyi.

Tiyambe ndi mamembala a komiti. Iwowa analipo, mkangano wa chiswe anaumva ndi makutu awo, choncho kuwafotokozeranso n'kuwatayitsa nthawi. Chimene amaiwala akafika kunyumba ndi ntchito imene anapatsidwa. Kwa iwo mndandanda wa timadontho ndi umene uyenera, mzere uliwonse ukhale ndi munthu, ntchito ndi tsiku:

- Wapampando: kudziwitsa a mfumu za chopereka, pofika Lachisanu
- Msungichuma: kulandira ndalama ndi kupereka malisiti, mpaka pa 30
- Mphunzitsi wamkulu: kuuza amisiri onse awiri kuti adikire yankho

Mizere itatu yokwana pafoni popanda kutsitsa. Timadontho timagwira bwino pamenepa chifukwa ntchitozi n'zoima pazokha, ndipo aliyense amangofufuza mzere wake. Mzere wopanda dzina, monga wakuti "kudziwitsa makolo", ndi ntchito yomwe sidzagwiridwa, poti aliyense aziti ndi ya mnzake.

Tsopano tenganinso kalembedwe komweko mutumize kwa mlangizi wa zamaphunziro wa zoni, amene sanalipo koma ayenera kuvomereza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Awerenga mizere iyi: "Mmisiri woyamba: K1,800,000. Mmisiri wachiwiri: K2,400,000. Komiti yasankha mmisiri wachiwiri. Msungichuma wakana." Palibe mzere wabodza pamenepa. Komabe munthu wochenjera akawerenga, choyamba kubwera m'mutu mwake n'chakuti wina wadyapo, ndipo msungichuma yekha ndiye wayesa kuteteza ndalama za sukulu.

Chasowa ndi timawu tating'ono tolumikiza mfundo: "chifukwa", "koma", "ngati", "pokhapokha". Munthu akamaduladula nkhani kukhala timadontho, timawu timeneti ndi timene timayamba kugwa, popeza mzere uliwonse umafuna kuima pawokha. Komatu nzeru yonse ya msonkhano uja inali m'timawu tomweto. Anasankha wokwera mtengo chifukwa cha chiswe. Msungichuma sanakane mmisiriyo, anakana kulonjeza ndalama zomwe palibe. Ndipo kusankhako sikunatheretu, kukudikira chopereka. Chotsani "ngati" mmodzi uja, mmisiri afika Lolemba ndi malata pangolo akuti ntchito anamupatsa.

N'chifukwa chake mlangiziyu ayenera kulandira ndime, mwina ziwiri, zosapitirira theka la tsamba. Chiganizo choyamba chinene chimene chagamulidwa pamodzi ndi chodalira chake: "Komiti yagwirizana zopereka ntchito yokonza denga kwa mmisiri wa K2,400,000, pokhapokha makolo atasonkha K600,000 pofika pa 30, apo ayi ikumananso." Kenako pabwere chifukwa, ndiye nkhani ya matabwa odyedwa ndi chiswe, ndi kutsutsa kwa msungichuma monga anakunenera. Pomaliza panenedwe chimene akupemphedwa kuchita iye mwini. Onani kuti dongosolo limeneli silikutsata momwe msonkhano unayendera. Pamsonkhano chigamulo chimabwera kumapeto, pa tsamba 28 la zolemba. Mlembi wotsata zolembazo tsamba ndi tsamba amathera theka la chidule pa malonje ndi zotsalira za msonkhano wapita, ndipo wowerenga wotanganidwa amasiyira panjira asanafike pa chimene chimamukhudza.

Pali alembi amene amabisa kutsutsa kwa munthu ngati msungichuma kuti komiti ioneke yogwirizana. Ine sindigwirizana nawo. Kwa amene ali ndi udindo wovomereza ndalama, mawu otsutsawo ndi amene amamuonetsa pamene pangavute, ndipo akadzawamva mphekesera adzakayikira chidule chonse. Ndi bwinonso kumulembera pamene angawapeze, monga "tsamba 19" kapena "mphindi 74 ya mawu ojambulidwa", kuti akafuna adzionere yekha.

Owerenga achitatu ndi makolo, ndipo ambiri a iwo sadzachiona chidulecho ndi maso. Adzachimva chikuwerengedwa pabwalo, kutchalitchi, kumzikiti, kapena ngati uthenga wa mawu pa WhatsApp. Khutu silimva timadontho, ndiponso silingabwerere m'mbuyo kukaonanso nambala. Apa pafunika ziganizo zinayi kapena zisanu zoyankhulika bwino, zokhala ndi nambala zochepa. Mitengo ya amisiri awiri ija ikhoza kutsala, koma chifukwa chosonkhera chisatsale, pakuti munthu satulutsa ndalama m'thumba osamva chifukwa. Ngati pasukulupo pali mabanja 300, musawauze za K600,000 n'kuwasiya awerengetse okha. Auzeni kuti banja lililonse lipereke K2,000 kwa msungichuma pofika pa 30, ndipo tsikulo mulitchule kawiri. Dzina la amene anatsutsa lisatchulidwe pagulu, chifukwa pabwalo lidzamveka ngati mlandu.

Kuti zidule zitatuzi zisatsutsane, yambani ndi chachitali chija cha mlangizi, muchiyerekeze ndi zolemba zenizeni, makamaka nambala, masiku ndi mawu onse a "ngati". Zinazo muzidule kuchokera pamenepo. Mukalemba chilichonse pachokha kuchokera m'mutu, posachedwa china chidzati pa 30, china chidzati kumapeto kwa teremu.

Musanatumize, patsani munthu amene sanalipo awerenge, kenako mumufunse kuti: chagamulidwa n'chiyani, ndipo iweyo uchita chiyani? Akayankha kuti "mwalemba ntchito mmisiri wodula", ndiye kuti chodalira chija chagwera panjira ndipo pafunika ndime. Akamafufuzafufuza ndi chala kufuna dzina lake m'kati mwa chiganizo chachitali, mwamupatsa ndime munthu wofunika timadontho.