Madola 14 pa Facebook: keke yanu aione ndani?

Tiyerekeze mayi wophika makeke a masiku obadwa ku Area 25 mu Lilongwe. Ali ndi tsamba la bizinesi pa Facebook, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse cha keke pali batani lolembedwa Boost post. Akalidina, Facebook iyamba kuonetsa chithunzicho kwa anthu amene satsatira tsamba lake, iye n'kumalipira. Anthu ambiri amadina, n'kuvomera zonse zimene Facebook yawasankhira kale, ndipo ndalama zimathera pamenepo.

Funso loyamba ndi la phindu. Ngati keke imodzi imamusiyira K10,000 akachotsa ufa, shuga, mazira ndi magetsi, ndiye kuti kupeza kasitomala mmodzi kusamudyere ndalama zoposa pamenepo. Bajeti ichokere pa nambala imeneyi. Kwa woyamba kumene, madola 2 patsiku kwa masiku 7 ndi okwanira kuyesera, onse pamodzi madola 14. Kuthira ndalama zonsezo tsiku limodzi n'kulakwitsa, chifukwa masiku oyamba Facebook imakhala ikufufuza kuti ndani akulabadira malondawo. Musadabwenso tsiku lina ikadula zoposa madola 2. Imaloledwa kutero, bola pasabata isapitirire bajeti ya tsiku kuchulukitsa ka 7.

Kwathu kuno kulipira kumeneku kuli ndi vuto lake. Ambiri amalipira m'madola kudzera pa khadi la Visa kapena Mastercard, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja, banki ikhoza kukana kapena kuika malire. Funsani kubanki kwanu musanayambe, chifukwa khadi likakanidwa malonda amaima. Ikaninso Account spending limit, malire a ndalama zonse zimene akaunti yanu ingawononge, kuti mukaiwala kuzimitsa musadzaone khadi litapukutidwa.

Tsono nkhani yaikulu: aone ndani? Poyamba asankhe cholinga. Mayiyu akufuna maoda, choncho asankhe kulandira mauthenga pa WhatsApp kapena Messenger. Facebook imamvera zimene mwaipempha. Mukapempha anthu odina Like, ikupezerani anthu okonda kudina Like, ena a iwo sadzagula ngakhale chitumbuwa.

Kenako malo, ndipo apa m'pofunika kudekha. Keke siyenda pa basi kupita ku Karonga. Akasiya Malawi yense, madola ake 14 amwazika mpaka ku Mzuzu ndi ku Nsanje, kwa anthu amene angayamikire keke koma sangailandire. Asankhe Lilongwe yekha, kapena kuposa apo, aike chizindikiro pa mapu pomwe pali nyumba yake n'kusankha mtunda wozungulira, mwina makilomita 10 kapena 15, poyang'ana pamene wa kabaza angafikitse keke isanaphwanyike. Zaka asankhe za anthu amene amagula, monga 25 mpaka 50. Asachotse abambo. Nawonso amagulira akazi awo ndi ana awo makeke, ngakhale amakumbukira tsiku litatsala limodzi.

Pali bokosi lina losankhira zimene anthu amakonda, monga maukwati kapena zophika. Limakopa, koma m'dera laling'ono ine ndimati lisiyeni. Mukapanikiza malo, zaka ndi zokonda zonse pamodzi, anthu amatsala ochepa, omwewo amaona malondawo mobwerezabwereza, ndipo mtengo wa uthenga uliwonse umakwera. Yang'ananinso Advantage+ audience. Ikakhala yoyatsa, Facebook imatenga zina mwa zosankha zanu, monga zaka zomalizira ndi zokonda, ngati malangizo chabe, n'kufikira anthu ena amene simunawatchule.

Pakatha masiku atatu aone zotsatira, koma asamangosinthasintha tsiku lililonse. Tinene kuti sabata yatha, banki yadula K28,000 pamodzi ndi zolipira zake, ndipo anthu 40 alemba uthenga. Uthenga uliwonse wamudyera K700. Ngati 5 agula, kasitomala mmodzi wamupeza ndi K5,600, ndipo pa phindu la K50,000 watsala ndi K22,000. Ngati agula 2 okha, waluza K8,000.

Mauthengawo ndi amene amaulula pomwe palakwika. Ambiri akamafunsa kuti "muli kuti?" kenako n'kukhala chete, malo awasankha molakwika. Akamafunsa mtengo n'kusowa, aulembe pa malondapo pamodzi ndi dera lake, kuti wosakwanitsa asalembe n'komwe. Nambala ya Frequency mu Ads Manager imasonyeza kuti munthu mmodzi waona malondawo kangati. Ikamakwera mauthenga akutsika, asinthe chithunzi kapena akulitse dera pang'ono.

Ndipo malonda aziyenda pa masiku amene foni ili m'manja ndi bandulo yokwanira. Munthu amene wafunsa keke m'mawa n'kuyankhidwa usiku amakhala ataoda kale kwina, pamene K700 ya uthenga wakewo mwalipira ndinu.